Kalata yodandaula kwa landilodi: yambani ndi madeti

Musayambe ndi "Okondedwa bambo". Sonkhanitsani kaye zonse zimene munalemba m'kope, pa malisiti ndi m'mauthenga a pa foni, kenaka pa chilichonse lembanipo deti. Chimene mwaiwala deti lake, chifufuzeni pa WhatsApp, chifukwa "tsiku lina lake" landilodi amakana mosavuta.

Tiyerekeze kuti vuto ndi denga lodontha. Pamwamba lembani adilesi ya nyumbayo, deti, ndi mutu wakuti "Dandaulo la denga lodontha". Kenaka zochitika, nambala iliyonse nkhani imodzi:

1. Pa 6 Januwale denga la kuchipinda linayamba kudontha. Ndinakuimbirani foni tsiku lomwelo.
2. Pa 13 Januwale munalonjeza kutumiza kalipentala, koma sanabwere.
3. Pa 2 Febuluwale matiresi ananyoweratu, zithunzi ndaphatikiza.

Mkwiyo usiyeni m'kope momwemo, mawu ngati "mumangodziwa kutolera lendi" amangowapatsa pothawira. Pomaliza nenani chimene mukufuna, monga kukhoma malata atsopano pasanafike pa 20 Febuluwale. Sainani makope awiri, iwo asainenso yanuyo posonyeza kuti alandira.