Momwe mungasiyire mafuta oyeretsa khungu ndi kuchepetsa mawanga akuda kumaso

Ambiri mwa amayi ndi atsikana amene amadzola mafuta oyeretsa khungu muno mu Mzuzu sanayambe ndi cholinga chofuna kuyera. Anayamba chifukwa cha mawanga amene ziphuphu zinasiya, kapena zigamba zakuda za m'masaya zimene zinabwera ali oyembekezera. Wina anawalozera kachubu ka pamsika, pasanathe milungu iwiri nkhope inasalala, basi n'kukodwa. Kusiya n'kotheka, koma kuli ndi ndondomeko yake.

Yambani ndi kudziwa chimene mukudzola. Mafuta oyeretsa msanga nthawi zambiri amakhala ndi chimodzi mwa zinthu zitatu. Choyamba ndi sitiroidi wamphamvu, monga kilobetasolo kapena betametasoni, amene ndi mankhwala a nthenda za pakhungu oyenera kudzola kwa masiku ochepa dokotala atalemba. Mukamudzola miyezi, khungu limapyapyala mpaka timitsempha kuonekera, ziphuphu ndi zipere zimachuluka, m'mikono ndi m'ntchafu mumatuluka mizere yosachoka, ndipo bala limachedwa kupola. Akalowa wambiri m'thupi amatha kukweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Chachiwiri ndi haidirokwinoni. Uyu amayeretsa poyamba, koma akadzoledwa nthawi yaitali amatha kudetsa masaya ndi m'mbali mwa maso ndi kuda kobiriwira, kwa timadontho, kumene kumavuta kwambiri kuchotsa. Dziko la South Africa linamuletsa mu zodzoladzola mu 1990. Chachitatu ndi mekyule, mtundu wa chitsulo chapoizoni, amene amawononga impso ndi mitsempha, amanjenjemeretsa manja, amasowetsa tulo, ndipo amafika kwa mwana wa m'mimba ndi woyamwa. Ngakhale mwana amene mumagona naye kapena kupukutira thaulo limodzi amamutengako.

Vuto n'lakuti mekyule salembedwa kawirikawiri pabotolo, ndipo mafuta osakanizidwa ndi manja m'timabotolo topanda dzina simungadziwe n'komwe kuti muli chiyani. Musataye chubu kapena botolo lanu. Litengeni mupite nalo kwa wogulitsa mankhwala wophunzira ku famase, kapena kuchipatala monga ku Mapale, kumene angakutumizeni ku chipatala chachikulu cha Mzuzu Central ngati pakufunika odziwa za khungu. Muwauze zoona: mwadzola kwa nthawi yaitali bwanji, kumaso kokha kapena thupi lonse.

Kasiyidwe kake ndiye pagona nkhani. Mafuta a mekyule ndi a haidirokwinoni ogula pamsika asiyeni lero lomwe. Koma sitiroidi, ngati mwamudzola tsiku lililonse kwa miyezi, makamaka thupi lonse, sasiyidwa mwadzidzidzi, chifukwa thupi limakhala litachepetsa kupanga mahomoni ake ofanana ndi mankhwalawo. Achipatala amachepetsa pang'onopang'ono, mwina kudumphitsa masiku, mwina kukusinthirani wofooka kwa kanthawi. Mukayamba kufooka kwambiri, kuchita chizungulire kapena kusanza mutasiya, thamangirani kuchipatala.

Titenge chitsanzo cha mayi wogulitsa tomato ku Zigwagwa, amene wadzola kilimu wa sitiroidi kumaso miyezi 8 pofuna kuchotsa mawanga a ziphuphu. Masaya ayera, koma mfundo za zala ndi makutu zidakali zakuda, ndipo akakhala pafupi ndi mbaula nkhope imawotcha. Akangochepetsa kudzola, pakapita masiku ochepa nkhope imafiira, imayabwa, imasendeka, ziphuphu zimabuka, ndipo mawanga aja amaoneka akuda kuposa kale. Anzake amuuza kuti, "Amayi, mwawonongeka, bwererani ku mafuta anu aja." Apa ndi pamene ambiri amagonjera, ndipo zimandimvetsa chisoni chifukwa amakhala atayenda kale gawo lovutitsitsa. Kuwotchako si umboni wakuti khungu likufuna mafutawo. Ndi khungu lozolowera mankhwala limene likubwerera mwakale, ndipo zimatenga milungu ingapo, kwa ena miyezi.

Pa nthawi imeneyi mayiyu achite zochepa kwambiri. Asambe kumaso kawiri patsiku ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wofatsa wopanda fungo, ndi manja okha, osakhula ndi chinkhupule kapena mwala. Apukute mongogunditsa thaulo, kenako adzole mafuta wamba opanda fungo, vaselini pang'ono pamalo osweka. Kukawotcha, kansalu konyika m'madzi ozizira kamathandiza. Mandimu, soda ndi mankhwala otsukira mano zisayandikire kumaso. Zimapsereza khungu, ndipo khungu lakuda likapsa kapena kutupa limayankha popanga mtundu wakuda wochuluka pamalo omwewo. N'chifukwa chakenso kufinya chiphuphu kumasiya banga la miyezi.

Kenako dzuwa. Ku Mzuzu kuno timanyengeka ndi mitambo ndi kamvula kowaza, timaganiza kuti kukazizira dzuwa silitentha. Koma mzinda wathu uli pamtunda wopitirira mamita 1,200, ndipo cheza chimene chimadetsa mawanga chimadutsa m'mitambo. Khungu lopyapyala ndi mankhwala limapsa msanga kuposa kale. Popanda kudziteteza ku dzuwa, china chilichonse chimene mungagule ndi kutaya ndalama. Funani mafuta oteteza ku dzuwa olembedwa SPF 30 kapena kuposerapo, mtundu wa amene anzathu achialubino amadzola. Finyirani mizere iwiri kutalika kwa zala ziwiri, ndiyo yokwana nkhope ndi khosi, m'mawa uliwonse, ndipo mubwereze pakatha maola awiri ngati mukhala panja. Ngati ndalama sizilola, chipewa chakhonde ndi ambulera pabenchi pa tomato zichita gawo lalikulu.

Khungu likakhazikika, osawotchanso kapena kusendeka, ndi pamene mungayambe mankhwala ochepetsa mawanga. Funsani ku famase za azelaiki asidi wa 15 kapena 20 peresenti, amene amathandiza ziphuphu ndi mawanga pamodzi, kapena nayasinamaidi wa 4 kapena 5 peresenti, amene ndi wofatsa. Yambani ndi chimodzi chokha. Yesani kaye pang'ono pansi pa chibwano masiku atatu, kenako dzolani usiku wodumphadumpha musanafike pa tsiku lililonse. Kuyabwa pang'ono kwa mphindi zochepa si koopsa, koma pakatupa kapena kuwotcha kosaleka, siyani. Palinso adapalini ndi tiretinoini, odzola usiku mlingo wa nsawawa imodzi kumaso konse, koma oyembekezera kapena amene akufuna kutenga mimba asawakhudze. Dokotala nthawi zina amalemba haidirokwinoni wa 4 peresenti, pamawanga pokha, kwa miyezi yochepa akuyang'anira. Zimenezo n'zosiyana ndi kudzipaka thupi lonse chaka ndi chaka.

Musayembekezere zotsatira za milungu iwiri. Kusintha kumayamba kuoneka pakati pa milungu 8 ndi 12, ndipo mawanga ozama amatenga miyezi 6 mpaka chaka. Jambulani nkhope kamodzi pamwezi, pawindo lomwelo, nthawi yomweyo, chifukwa galasi la tsiku ndi tsiku silionetsa kusintha kochedwa chotere. Zigamba za m'masaya zobwera ndi mimba nthawi zambiri zimazilala zokha mukachira, koma zimabwerera ndi dzuwa kapena ndi mapiritsi olera, choncho kambiranani ndi anamwino a zakulera musanasinthe njira nokha.

Mawanga ena safuna kilimu ayi. Khosi kapena m'khwapa mukada ndi kukhuthala ngati litsiro losachoka, kayezetseni shuga. Banga limene likukula, kusintha maonekedwe, kutuluka magazi kapena kusapola, makamaka kuphazi kapena pansi pa chikhadabo, likaonedwe mwamsanga. Ndipo ngati munadzolapo mafuta osadziwika kwa nthawi yaitali, kenako mapazi akutupa kapena mkodzo ukuchita thovu, auzeni achipatala za mafutawo kuti akuyezeni impso.