Momwe mungalembere kalata yopempha kupuma pantchito msanga ndi kufunsa za penshoni

Kalata yopempha kupuma msanga isatseke chitseko musanaone ndalama zanu papepala. Anthu ambiri amayamba ndi kutchula tsiku lochoka, abwana nkuvomera, ndiyeno mafunso a penshoni amabwera munthu atabweza kale makiyi. Pamenepo mphamvu yokambirana imakhala itatha. Zimene zili pano ndi za ogwira ntchito m'makampani ndi m'mabungwe omwe si aboma, chifukwa m'boma muli ndondomeko yakeyake.

Tiyerekeze bambo wa zaka 53, woyang'anira sitolo ya katundu pa kampani ina ku Luwinga mu Mzuzu. Anayamba ntchito mu 2006, amalandira K600,000 pamwezi, ndipo akufuna kukalima khofi kumudzi pomwe kampani yake imapumitsa anthu pa zaka 60.

Choyamba, asanalembe chilichonse, awerenge kontirakiti yake, buku la malamulo a pantchito, ndi malamulo a thumba la penshoni limene kampani imasungitsako ndalama. Zaka 50 ndiwo msinkhu wotsikitsitsa wopumira umene lamulo la penshoni limalola, koma thumba lililonse lili ndi msinkhu wake, ndipo malo ambiri kupuma msinkhuwo usanakwane kumafuna chilolezo cha olemba ntchito. Nchifukwa chake kalatayi ndi yopempha. Mawu akuti "ndikusiya ntchito" asapezekemo ngakhale pamzere umodzi. Wosiya ntchito amayamba wadikira miyezi ali pa ulova asanapemphe ndalama, ndipo sapatsidwa ngati wopuma. Kampani ikalemba pa fomu yopita ku thumba kuti munasiya, kukonza zimenezo pambuyo pake ndi ntchito yowawa.

Chachiwiri, apite kwa oyendetsa thumbalo, kaya ndi NICO, Old Mutual kapena ena, ndi chiphaso chake cha unzika, akatenge sitetimenti yoonetsa mwezi ndi mwezi. Apa ndiye pofunika kufatsa. Lamulo limati wantchito azidulidwa ndalama zosachepera 5 peresenti ya malipiro, olemba ntchito aziwonjezera zosachepera 10 peresenti, ndipo zonsezo zitumizidwe pasanathe masiku 14 mwezi utatha. Kwa bamboyu ndi K30,000 yake ndi K60,000 ya kampani, pamodzi K90,000 pamwezi. Ayike sitetimenti pambali pa mapepala ake a malipiro. Mwezi umene pepala likuonetsa kuti anadulidwa koma pa sitetimenti palibe kanthu, ndalamazo sizinafike. Miyezi 6 yotere ndi K540,000, osawerengera phindu limene ikanabereka. Vutoli ndi lofala, ndipo ndimalangiza aliyense kuti asasaine tsiku lochoka mipata imeneyi isanatsekedwe, chifukwa thumba limapereka zokhazo zimene linalandira.

Popeza bamboyu anayamba ntchito lamulo la penshoni la 2011 lisanabwere, ali ndi funso linanso. Lamulolo linati olemba ntchito awerengetsere ndalama ya sevarensi, imene munthu amapatsidwa ntchito ikamuthera, ya zaka zam'mbuyozo nkuisamutsira ku penshoni ya wantchito, poganiziranso ngati panali kale penshoni kapena giratuwite. Afunse ngati izo zinachitika, liti, komanso ndalama zingati. Koma asayembekezere sevarensi yatsopano pa tsiku lopuma. Kuchokera pamene lamulo la zantchito linasinthidwa mu 2010, ndalama imeneyi ndi ya wochotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa anthu kapena wochotsedwa mopanda chilungamo. Ngati kampani ndiyo yamunong'oneza kuti apume chifukwa bizinesi sikuyenda, asathamangire kulemba kalatayi. Akalemba yekha, akhoza kutaya sevarensi imene akanalandira. Ayambe wakafunsa ku ofesi ya leba ya mu Mzuzu.

Tsopano kalata yeniyeniyo. Ipite kwa mkulu woona za antchito, kope lipite kwa bwana amene amakuyang'anirani. Maofesi ambiri amafuna Chingerezi, koma mfundo zake ndi zomwezi. Pamwamba lembani dzina lanu, nambala yanu ya pantchito, nambala ya umembala wa penshoni ndi tsiku. Thunthu lake likhoza kukhala lotere:

Okondedwa Bwana,

PEMPHO LOPUMA PANTCHITO MSANGA

Ndakhala ndikugwira ntchito pa kampani ino kuyambira mu 2006, ndipo tsopano ndili ndi zaka 53. Ndikupempha kuti mundilole kupuma pantchito msanga, motsatira malamulo a kampani ndi a thumba lathu la penshoni. Ndikuganizira za pa 30 Juni, koma tsikuli ndidzalitsimikiza m'kalata ina ndikalandira mayankho a mafunso ali m'munsiwa.

Chonde ndidziwitseni polemba: ngati ndikuyenera kupuma msanga ndi ndime ya malamulo imene ikutero, ngati ndalama zanga zonse za penshoni zinatumizidwa, makamaka za miyezi imene ndaionetsa pa sitetimenti ndaphatikizayi, ndalama ya zaka za 2006 mpaka 2011 ndi tsiku limene inasamutsidwa, masiku anga a tchuthi otsala ndi mtengo wake, giratuwite kapena thandizo la transipoti yobwerera kumudzi ngati zilipo, ngongole kapena adivansi imene mudzadule, komanso tsiku limene chithandizo cha kuchipatala ndi inshulansi ya moyo zidzathere.

Ndidzathokoza kulandira yankho pasanathe masiku 14. Ndili wokonzeka kuphunzitsa wodzalowa m'malo mwanga ndi kuwerengetsa katundu yense ndisanachoke.

Ine wanu,

Chifukwa chopumira simukakamizidwa kuchifotokoza, ndipo madandaulo akale asalowemo. Kupuma chifukwa cha matenda kuli ndi njira yake yofuna lipoti la dokotala, choncho musakusakanize ndi pempho ili. Za notisi, wolandira pamwezi amayenera kupereka mwezi umodzi, koma kontirakiti ikanena miyezi itatu, tsatirani imeneyo, apo ayi adzakudulani. Sindikizani makope awiri, onse adindidwe chidindo cha tsiku limene alandira, limodzi mupite nalo kunyumba.

Yankho likabwera, werengetsani nokha. Tinene kuti bamboyu ali ndi masiku 12 a tchuthi ndipo kampani imagawa malipiro ndi masiku 22. Tsiku limodzi ndi pafupifupi K27,270, masiku 12 ndi pafupifupi K327,000 msonkho usanadulidwe. Kampani ina imagawa ndi 26 kapena 30, ndalama nkutsika, ndiye funsani kagawidwe kake.

Chachikulu ndi penshoni. Lamulo latsopano la 2023 limalola wopuma kutenga theka la ndalama zake nthawi imodzi, pomwe kale inali 40 peresenti. Ngati m'thumba muli K14 miliyoni, m'manja mudzalowa K7 miliyoni, yotsalayo izibwera pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Apemphe oyendetsa thumba amulembere kuti pamwezi azilandira zingati akapuma pa zaka 53, ndi zingati akadikira mpaka 60. Kusiyanako kumakhala kwakukulu, chifukwa K90,000 ya mwezi uliwonse yaleka kulowa, pomwe ndalama yotsalayo iyenera kumusunga zaka zambiri. Akakhutira, ndi pomwe alembe kalata yachiwiri ya mizere iwiri yotsimikiza tsiku.

Pa tsiku lomaliza, aone fomu yopita ku thumba asanaisaine, atsimikize kuti chifukwa chalembedwa ndi kupuma, ndipo atenge satifiketi yosonyeza zaka zimene wagwira. Malipiro otsala ndi ndalama ya tchuthi kampani iyenera kupereka pasanathe masiku 7. Zikachedwa, dandaulo lipite ku leba, ndipo zikakanika kumeneko, ku khothi loona milandu ya apantchito, lomwe lili ndi ofesi mu Mzuzu momwemuno. Nkhani ya ndalama za penshoni zosatumizidwa imapita kwa woyang'anira mabungwe azachuma ku banki yaikulu ya Reserve, pamodzi ndi sitetimenti, mapepala a malipiro ndi kope la kalata yodindidwa lija.