Musanafunse za ntchito kwa munthu amene munasiya kuyankhulana naye kalekale

Ambiri a ife kuno ku Joni tili ndi manambala a anthu amene tinaphunzira nawo kapena kukhala nawo chipinda chimodzi titangofika, koma papita zaka osapatsana ngakhale moni. Ntchito ikatha timawakumbukira, ndipo uthenga woyamba umakhala wakuti, "Achimwene muli bwanji, kulibeko kantchito kumeneko?" Abale anga, uthenga umenewu musiye kuutumiza. Woulandirayo amaona msanga kuti moniwo ndi wongodutsirapo, ndiye amasankha chimodzi mwa ziwiri: kukhala chete, kapena kukupatsani nambala ya munthu wina kuti mumuchoke. Chachiwirichi ndiye choopsa kwambiri.

Yambani mwatsimikiza kuti nambalayo idakali yake, chifukwa makampani a foni kuno amapereka kwa munthu wina nambala imene yakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito, komanso akuba amalanda WhatsApp ya munthu n'kumayankha m'dzina lake. Mpaka mutamva mawu ake kapena kumuona pa vidiyo, musatumize chithunzi cha pasipoti, ndipo musanene kumene mukukhala.

Uthenga woyamba ukhale waufupi, wonena kuti ndinu ndani, munadziwana kuti, ndiponso chimene chakukumbutsani za iye. Tiyerekeze kuti ndi mayi amene munkayimba naye kwaya ku Zomba, ndipo mwamva kuti amagwira ntchito m'nyumba ku Cape Town. Mungalembe kuti, "Achemwali, ndine uja tinkayimba limodzi kwaya ku Zomba, mng'ono wake wa aphunzitsi aja. Papita nthawi yaitali ndisanakuyankhuleni, pepani. Ndinamva kwa amayi kuti mwana wanu woyamba uja anakhoza mayeso a Fomu 4, ndiye ndati ndikuyamikireni. Inenso ndili kuno, ku Johannesburg." Lekezani pomwepo. Musawonjezere zakuti zinthu zavuta, ndipo musatumize kumapeto kwa mwezi, chifukwa nthawi imeneyo aliyense amene walandira malipiro amadziwa kuti moni wadzidzidzi amatsatana ndi pempho la ndalama. Lamulungu masana ndi nthawi yabwino, popeza ambiri ogwira ntchito m'nyumba ndi m'magadeni amakhala akupuma. Ngati kwawo kunagwa maliro inu osapepesa, pepesani kaye zimenezo, ndipo nkhani ya ntchito idikire sabata ina. Palibe amene angakutchuleni kwa bwana wake pamene munakhala chete mayi ake atamwalira.

Akayankha, mufunseni za moyo wake ndipo mumvetsere, chifukwa munthu amene munamudziwa zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo mwina anasintha ntchito, mwina iyenso ali pa ulova. Mukacheza kawiri kapena katatu, nenani chilungamo kuti mukufuna ntchito. Kuchezetsa munthu mwezi wathunthu mukubisa cholinga ndi chinyengo, ndipo akadzazindikira adzakwiya kuposa mukanangonena.

Koma funsolo likhale loti angathe kuliyankha popanda kuika ntchito yake pachiswe. Musanene kuti "mundipezere ntchito." Nenani kuti, "Ndagwira ntchito yophika ndi kuchapa zaka zinayi, ndili ndi nambala ya abwana anga akale amene angandichitire umboni. Kodi kwanuko anthu amamva bwanji za malo akatseguka, ndipo ndi miyezi iti imene amalemba?" Funso lotere limabweretsa mayankho enieni: kuti malo odyera ku Cape Town amawonjezera antchito chilimwe cha Disembala chisanafike, kapena kuti mnzake wina akupita kumudzi pa Khirisimasi ndipo akufuna womugwirizira malo. Munenenso poyera za mapepala anu. Masiku 30 amene Amalawi timapatsidwa polowa ndi ochezera, si ogwirira ntchito, ndipo lamulo la za anthu olowa m'dziko muno la 2002 limaletsa bwana kulemba mlendo wopanda chilolezo. Mukabisa zimenezi, mnzanu n'kukutengerani kwa abwana ake, amene adzataye chikhulupiriro cha abwanawo ndi iyeyo.

Tsopano za nambala imene amakupatsani ija. Ine ndinalembera mnzanga wa kusekondale, munthu wabwino ndithu, ndipo anandiyankha kuti iye sakudziwa za malo alionse koma pali ejenti wina amene "amathandiza Amalawi." Ofesi yake inali m'nyumba ina yosanja pakati pa tauni ya Johannesburg, chipinda chimodzi chokhala ndi tebulo, mipando yapulasitiki, ndi zithunzi za mahotela zomatidwa kukhoma. Mayi wa pa tebulopo anandilankhula m'Chichewa chomveka bwino, n'kunditchula kuti mlongo wake. Anati malo alipo m'khitchini ya hotela ina ku Sandton, kuyamba Lolemba, koma pakufunika R1,500 ya kulembetsa, yunifolomu ndi kufufuza mbiri yanga kupolisi. Ndinalipira, ngakhale ndalamayo inali ya lendi yanga. Anandipatsa lisiti lodulidwa m'kabuku kogula m'sitolo, lopanda dzina la kampani, lopanda chidindo.

Lolemba lija anati manijala wadwala. Sabata yotsatira anati pakufunika R600 ina ya maphunziro a ukhondo wa m'khitchini, ndipo nditakana n'kupempha ndalama yanga, mayi yemwe uja anasiya Chichewa n'kuyamba kundiyankha m'Chingerezi, akundifunsa ngati ndikufuna kuti aitane apolisi adzaone pasipoti yanga. Mpaka lero zimandiwawa kuti munthu wa kwathu anagwiritsa ntchito chinenero chathu pondikola, kenako mantha a mapepala ponditseka pakamwa. Nditabwererako, pachitseko panali loko, ndipo mlonda wa nyumbayo anati ndine mmodzi mwa ambiri amene abwera kudzafunsa. Mnzanga uja nditamuuza, zinadziwika kuti ejentiyo sanakumanepo naye. Nambalayo anangoiona pa gulu lina la WhatsApp, ndipo anandipatsa chifukwa anachita manyazi kundibweza chimanjamanja.

Choncho mukapatsidwa nambala, funsani mafunso awiri musanakwere takisi: "Munthu ameneyu munamuonapo ndi maso?" ndiponso "Ndani amene mukumudziwa inu amene analowa ntchito kudzera mwa iyeyu, ndipo ndingamuyankhule?" Akazengereza, nambalayo itayeni. Dziwaninso kuti lamulo la Employment Services Act la 2014 limaletsa maejenti olemba anthu ntchito kulipiritsa munthu wofuna ntchito pomupezera malo, ndipo amayenera kukhala olembetsedwa ku dipatimenti ya boma yoona za ntchito. Amene amalipira ejenti ndi bwana. Aliyense wokuuzani kuti mulipire kaye, kaya akutchula yunifolomu kaya kusungitsa malo, ndi wakuba, ngakhale atakutchulirani mudzi wa kwanu ndi dzina la amfumu anu.

Pofuna kupewa kuti mnzanu akupatseni nambala yamanyazi, mutsegulireni nokha njira yokanira. Muuzeni kuti, "Ngati simukudziwa za malo alionse, musadandaule, ndingokupemphani kuti mundikumbukire mukamva kanthu." Akapanda kuyankha uthenga woyamba, dikirani masabata awiri, mulembenso kamodzi, basi. Kuimba foni usiku, kutumiza mauthenga a mawu a mphindi zisanu, kapena kudandaula kwa abale ake kumudzi kuti wayamba kunyada, zonsezi zimatseka khomo limene mwina likanatseguka mwezi wa mawa. Ndipo akakulozerani malo enieni, pitani pa nthawi yake, kenako mumuuze mmene zayendera tsiku lomwelo, kaya mwalembedwa kaya ayi, chifukwa abwana ake akamufunsa za inu ayenera kukhala ndi choyankha.