Kukonza ndandanda ya mayeso popaka mitundu

"Pasukulu yathu kuno ku Mzuzu ana amasankha maphunziro osiyana. Ndikonze bwanji ndandanda kuti wina asalembe mayeso awiri nthawi imodzi?"

Aphunzitsi, jambulani kadontho pa phunziro lililonse. Pomwe pali mwana ngakhale mmodzi wotenga maphunziro awiri, lumikizani madontho awo ndi mzere. Kenako pakani mtundu pa dontho lililonse. Mtundu uliwonse ukuimira nthawi yolembera, ndipo madontho olumikizana asafanane mtundu.

Yambani ndi dontho la mizere yambiri. Tiyerekeze kuti masamu amalemba aliyense: apatseni chofiira, Lolemba m'mawa, paokha. Bayoloje ikulumikizana ndi jogalafe komanso zaulimi, koma palibe wotenga jogalafe ndi zaulimi pamodzi. Bayoloje itenge chobiriwira, jogalafe ndi zaulimi zigawane chachikasu. Maphunziro 4 alowa m'nthawi 3. Simungachepetsenso, chifukwa masamu, bayoloje ndi jogalafe zonse zikulumikizana.

Njirayi siilola kugundana, koma maphunziro akachuluka itha kudya nthawi zambiri kuposa zofunika. Zikatero yambirani dontho lina. Chomwe chimapweteka kwambiri ndi mwana wolembetsa mochedwa, poti mzere wake umasowa. Musanapachike ndandanda, yendani dzina ndi dzina m'kaundula, ndipo onani ngati a jogalafe ndi zaulimi akwana m'zipinda.