Oda zolipira polandira: mungatani kuti makasitomala asamathawe?

"Ndimagulitsa nsapato ku Lilongwe, anthu amalipira akalandira. Ena wakabaza akafika sayankha foni, ena amabweza katundu. Nditani?"

Achemwali, zimawawa izi, ndalama ya kabaza ikapita pachabe. Choyamba, musatumize katundu chifukwa cha uthenga wa pa WhatsApp wokha. Muimbireni munthuyo, mumve mawu ake, mufunse komwe ali ndi chizindikiro chapafupi: tchalitchi, chigayo kapena mjigo. Wongoti "mukafika ku Area 25 muimbe" nthawi zambiri ndi amene amazimitsa foni.

Kenaka apereke kaye ndalama ya mayendedwe pa Airtel Money kapena Mpamba. Tinene kuti nsapato ndi K25,000, kabaza K4,000. Atumize K4,000 yo, yotsalayo adzapereka nsapato zili m'manja. Muuzeni poyera kuti akasintha maganizo ndalamayi sibwerera. Ena adzakwiya n'kuchoka, alekeni. Amene wakana kutumiza K4,000 sakanatulutsa K25,000.

Kubwezedwa kwa nsapato kumachokera kwambiri pa saizi. Musadalire nambala yokha, chifukwa 39 ya kampani ina imathina pomwe ya kampani inzake imakhwepa. Aponde papepala, ayeze phazi ndi rula kuchokera kuchidendene mpaka chala chachitali, akuuzeni masentimita. Inu mujambule nsapato yeniyeniyo panja powala, ngakhale pomwe yakalika, iye avomereze polemba.

Tsiku lotumiza, wakabaza asananyamuke, muimbireninso kasitomalayo, mufunse ngati ndalama ili m'manja. Akati akudikira malipiro, sunthani tsiku. Manambala a omwe anathawapo alembeni m'kope, ndipo akadzaodanso alipire zonse katundu asanachoke.