Malangizo olembera chidziwitso chotulutsa walendi pamene nyumba ikugulitsidwa m'chigawo cha Tete

Malangizo ano ndi a anthu ochokera ku Zambia amene ali ndi nyumba zochititsa lendi, kapena akukhala pa lendi, ku Ulongwe, ku Moatize, mumzinda wa Tete ndi m'matauni ena a chigawochi. Mukangodutsa chipata cha Chanida n'kulowa ku Kasakatiza, nkhani za nyumba zimayendera malamulo a Mozambiki, ndipo notisi ya mwezi umodzi imene ambiri amaithamangira siikwanira nthawi zonse.

Kugulitsa nyumba sikuthetsa pangano la lendi

Apa ndi pamene eni nyumba ambiri amaphonya. Ndime 1057 ya buku la malamulo a pakati pa anthu, limene Mozambiki imagwiritsa ntchito, imati wogula amalowa m'malo mwa mwini wakale pa zonse, zomuyenera ndi zomukakamiza zomwe. Kunena kwina, wogula amagula nyumba pamodzi ndi walendi wake, mpaka pangano litatha. Lendi imakhala yomweyo, tsiku lolipira lomwelo, chimene chasintha ndi dzanja lolandira ndalama basi. Choncho kalata yongoti "tulukani chifukwa ndagulitsa" ilibe mwendo woimira. Kugulitsa ndi chifukwa chimene mumamufotokozera walendi kuti amvetse, koma mphamvu ya kalatayo imachokera kwina: ku tsiku limene pangano likutha, kapena ku mgwirizano watsopano umene nonse awiri mwasaina.

Musanalembe kanthu, tulutsani kontilakiti, imene kumeneko amati kontilato, ndipo muyang'ane tsiku loyamba, kutalika kwake, ngati imadzionjezera yokha ikatha, ndi masiku a chidziwitso amene munalembamo. Onaninso ngati muli mawu opatsa walendi mwayi woyamba wogula nyumbayo. Ngati alimo, muuzeni mtengo polemba kalata musanalandire ndalama kwa wina aliyense.

Kuwerenga masiku

Ndime 1055 ya buku lomwelo imapereka masiku ochepetsetsa odziwitsira mnzako kuti pangano lisaonjezeredwe. Pangano la chaka chimodzi koma losafika zaka 6 limafuna masiku 60. Loyambira miyezi 3 koma losafika chaka limafuna masiku 30, ndipo la zaka 6 kapena kupitirira limafuna miyezi 6. Masikuwa amawerengedwa chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku lotha pangano, osati chopita kutsogolo kuchokera pa tsiku limene mwalemba kalata. Kontilakiti yanu ikanena masiku ochuluka kuposa awa, tsatirani a mu kontilakiti.

Titenge chitsanzo, ndipo ziwerengero zake ndi zongofanizira. Nyumba ya zipinda zitatu ku Ulongwe ili pa lendi ya mametikali 9,000, kapena kuti 9,000 MT, pamwezi, dipoziti inali 18,000 MT, pangano ndi la chaka chimodzi kuyambira pa 1 Julayi 2025 mpaka pa 30 Juni 2026. Masiku 60 chobwerera kuchokera pa 30 Juni akutifikitsa pa 1 Meyi. Kusiyira tsiku lomalizalo n'kusewera paulimbo, chifukwa chimene lamulo limawerenga ndi tsiku limene kalata yafika kwa walendi, osati limene yalembedwa pamwamba pa pepala. Walendi akakhala kuti wapita kumaliro ku Katete sabata imeneyo, kalata n'kumupeza pa 6 Meyi, nthawi yadutsa ndipo pangano likhoza kudzionjezera. Iperekeni kumayambiriro kwa Epulo.

Nyumba zogonamo za m'matauni zilinso ndi lamulo lakelake la 1961 lonena za lendi, limene limateteza walendi. N'chifukwa chake masiku a ndime 1055 muwatenge ngati poyambira chabe, ndipo kontilakiti ionedwe ndi loya kalata isanatuluke. Amene alibe ndalama za loya apite ku IPAJ, bungwe la boma lothandiza osowa pa milandu.

Wogula akafuna nyumba yopanda munthu pangano lisanathe

M'chitsanzo chathu, tinene kuti wogula akufuna makiyi pa 31 Malichi 2026, kutatsala miyezi itatu. Chidziwitso cha mbali imodzi sichingachite zimenezi, ngakhale mutachilemba mwaukali motani. Njira imene ilipo ndi kukhala pansi ndi walendi, kukambirana, n'kulemba mgwirizano wothetsa pangano msanga. Walendi ali ndi ufulu wokana, ndiye payenera kukhala chomukopa. Mwini nyumba angasiye lendi ya Malichi, 9,000 MT, n'kulipira galimoto yosamutsa katundu, 4,000 MT. Zonse pamodzi ndi 13,000 MT, ndalama yochepa poyerekeza ndi wogula kubwerera m'mbuyo kapena mlandu wokhala miyezi kukhoti. Mgwirizanowo utchule tsiku lotuluka, ndalama iliyonse payokha ndi tsiku loilipira, ndipo onse awiri asaine pamaso pa mboni. Kutsimikizitsa siginecha kwa notale, mkulu wovomerezeka wotsimikizira zikalata, kumatseka pakamwa pa amene angadzati "si dzanja langa ili".

Walendi akakana, nyumba igulitsidwe iye ali momwemo. Wogula auzidwe zoona asanalipire, apatsidwe kope la kontilakiti, ndipo dipoziti ya 18,000 MT iperekedwe kwa iye kapena ichotsedwe pa mtengo wa nyumba, polemba. Dipoziti ikaiwalika apa, patsogolo walendi amangokankhidwa uku ndi uku, wogula akuti sindinalandire, wogulitsa wabwerera kale ku Chipata.

Mawu a m'kalata

Makhoti ndi maofesi a ku Mozambiki amagwira ntchito m'Chipwitikizi. Lembani kalata m'Chipwitikizi, muphatikepo ya Chinyanja yofanana nayo ndendende kuti walendi asadzanene kuti sanamve. Ya Chinyanja ingayende motere:

Ulongwe, pa 6 Epulo 2026.

Kwa Bambo (dzina lonse monga lilili pa chiphaso), okhala m'nyumba nambala (nambala), dera la (dzina la dera).

Bambo, ndikukudziwitsani mwaulemu kuti nyumba imene mukukhalamo pa pangano la lendi loyamba pa 1 Julayi 2025 ndaiika pa malonda. Pa chifukwa chimenechi, pangano lathu likatha pa 30 Juni 2026 sindidzalionjezera. Ndikupempha kuti pofika tsiku limenelo mudzakhale mutatulutsa katundu ndi kundipatsa makiyi onse. Lendi ya 9,000 MT ipitirire kulipidwa monga mwa masiku onse mpaka Juni. Tidzayendera nyumba limodzi pa 30 Juni nthawi ya 9 koloko m'mawa, ndipo dipoziti yanu ya 18,000 MT idzabwezedwa tsiku lomwelo, kupatula ngongole ya madzi ndi zowonongeka zimene tidzaone tonse. Ofuna kugula azibwera Loweruka lokha, kuyambira 9 mpaka 11 koloko m'mawa, ndipo ndizikuuzani kutatsala masiku awiri.

Ine mwini nyumba, (dzina ndi siginecha).

Ndalandira kalatayi: (dzina la walendi, siginecha, tsiku).

Onani kuti tsiku lotuluka lalembedwa lenileni. Mawu onga "kumapeto kwa mwezi" kapena "wogula akapezeka" ndiwo amabala mkangano, poti aliyense amawamva mokomera iye mwini. Musaikemo zoopseza. Ndipo wosaina akhale amene dzina lake lili pa kontilakiti monga mwini nyumba. Mphwanu kapena mlamu wanu woyang'anira nyumba inu muli ku Zambia asaine pokhapokha ali ndi chikalata chomupatsa mphamvu yokuimirani, ndipo kope lake liphatikidwe ku kalatayo. Wogula amene sanamalize kusintha umwini sanakhale mwini nyumba, choncho kalata yochokera kwa iye walendi angaikane.

Kaperekedwe kake

Konzani makope awiri. Limodzi litsale kwa walendi, linalo asaine ndi kulembapo tsiku ndi dzanja lake, mubwerere nalo. Kusaina kumeneku kumangosonyeza kuti walandira, sikutanthauza kuti wavomera, ndipo ndi bwino kumuuza zimenezi poyera chifukwa ambiri amakana cholembera poopa kuti adzimanga okha. Perekani kwa amene anasaina kontilakiti, osati kwa mwana kapena wantchito amene mwamupeza pakhonde. Akakana kulandira, bwererani ndi sekilitale wa dera kapena mkulu wa nyumba khumi, pamodzi ndi mboni ina, alembe pa kope lanu kuti kalata inaperekedwa tsiku lakuti ndipo inakanidwa. Uthenga wa pafoni ndi wongothandizira. Foni imatayika, nambala imasintha, pepala losainidwa ndilo limakhala.

Tsiku la makiyi

Lamulo, pa ndime 1043, limafuna walendi abweze nyumba mmene anaipezera, kupatula kutha kobwera ndi kukhalamo bwinobwino. Penti wofwifwa ndi chogwirira chitseko cholobodoka chifukwa cha zaka si mlandu wa walendi. Galasi losweka kapena sinki yong'aluka ndi zake. Ndime yomweyo imati ngati panalibe pepala lofotokoza mmene nyumba inalili polowa, imatengedwa kuti inali bwino, ndiye walendi amene ali ndi zithunzi za tsiku lolowa azitulutse. Werengani mita ya madzi nonse muli pomwepo, mulembe nambala yake. Malaiti a kampani ya magetsi ya EDM ogula mayunitsi pasadakhale savuta kwenikweni, ingolembani otsala. M'chitsanzo chathu, ngongole ya madzi ya 1,350 MT ndi magalasi awiri okwana 1,200 MT onse pamodzi zikuchotsa 2,550 MT, ndipo walendi alandira 15,450 MT. Ndalama ikadutsa pa M-Pesa kapena e-Mola, lisiti ya papepala isainidwebe, yotchulanso chiwerengero cha makiyi obwezedwa.

Tsiku likafika walendi osatuluka

Mwini nyumba alibe mphamvu yotulutsa munthu ndi manja ake. Kusintha maloko, kudula madzi kapena malaiti, kuzula chitseko, kutaya katundu pabwalo, zonsezi zimatembenuza mlandu: amene anali wolakwiridwa amasanduka woyankha, ndipo angalipire katundu wowonongeka. Apolisi nawo satulutsa munthu m'nyumba popanda lamulo la khoti. Yambani kwa sekilitale wa dera kapena ku bwalo la milandu la m'deralo, kumene ntchito yawo ndi kuyanjanitsa ndipo kawirikawiri amathandiza kupeza tsiku latsopano logwirizana. Zikakanika, loya akasume mlandu wotulutsa walendi ku khoti la boma. Kumeneko mudzafunika kontilakiti, kope la chidziwitso lokhala ndi tsiku lolandirira, malisiti a lendi ndi chikalata cha umwini wa nyumba. Ndalama iliyonse imene walendi alipire pa nthawi yodikira chigamulo ilembedwe pa lisiti kuti ndi ya masiku amene wakhalamo pangano litatha, ndipo tchulani mwezi wake.