Kutsimikiza pasiwedi popanda kuisunga

"Ndikupanga pulogalamu ya gulu lathu la banki mkhonde kuno ku Chibavi, Mzuzu. Akuti ndisasunge mapasiwedi, nanga wolowa ndimuzindikira bwanji?"

Achimwene, sungani hashi yake basi. Hashi ili ngati chigayo: chimanga chimasanduka ufa, koma ufa subwereranso kukhala chimanga.

Poyamba, munthu akamalembetsa, gayani pasiwediyo ndi bcrypt. Mu PHP, pomwe `$p` ndi pasiwediyo:

```
$h = password_hash($p, PASSWORD_BCRYPT);
```

Mutuluka zilembo 60 zoyamba ndi `$2y$`. Mkatimo muli "mchere", manambala ongolotera amene amachititsa kuti anthu awiri a pasiwedi yofanana asafanane hashi. Sungani `$h`, pasiwediyo itayeni.

Akadzabweranso, musagayenso nokha n'kufananitsa. Mchere udzakhala wina, ndiye pasiwedi yolondola idzakanidwa. Chitani izi:

```
password_verify($p, $h);
```

Iyi imatenga mchere wa mu `$h`, n'kugaya nawo zimene walembazo, n'kuona ngati zafanana.

Aliyense akamakanidwa, werengani zilembo zimene zasungidwa. Malo a `VARCHAR(50)` mu database sakwana zilembo 60, ikani 255. Zigayo zina monga MD5 ndi SHA-256 zisiyeni, zimathamanga kwambiri, wakuba amayesa mapasiwedi ambirimbiri pakamphindi. Bcrypt imachedwa dala.